Chigoli cha ku Salzburg chimalemera bwanji ku Leicester?

Mu Juni 2021, timu ya Leicester City ya ku Mangalande idagula Patson Daka, mnyamata wa ku Zambia, pa mtengo womwe nyuzipepala zidati udali mapaundi pafupifupi 23 miliyoni. Palibe adadabwa. Sizoni yomwe idali itangotha, Daka adamwetsa zigoli 27 m'masewero 28 a ligi ya ku Austria ali ku Red Bull Salzburg, ndipo sizoni ya m'mbuyo mwake adali atamwetsa 24. Atafika mu Premier League, sizoni yake yoyamba idatha ali ndi zigoli zisanu m'masewero 23.

Chaka chimodzi ndi theka Daka asanachoke ku Salzburg, mnzake yemwe ankasewera naye kutsogolo adali atatsogola kale. Erling Haaland wa ku Norway adamwetsa zigoli 16 m'masewero 14 a ligi yomweyo, kenaka mu Januwale 2020 adayamba kusewerera Borussia Dortmund ya ku Jeremani. Iye zigoli sizidaume: 62 m'masewero 67 a ligi ya kumeneko, ndiye 36 m'sizoni yake yoyamba ku Manchester City.

Timu yochokera idali imodzi, ligi imodzi, zigoli zambirimbiri onse awiri, koma zotsatira zidasiyana kutali. Mpata umenewu ndi womwe akatswiri osaka osewera, amene ambiri amangowatcha masikauti, amayesa kuuona ndalama zisanatuluke. Amachita ngati wogula chimanga nthawi yokolola, yemwe sakhulupirira sikelo yokha. Amaluma kaye njere kuti amve ngati yauma, chifukwa thumba lolemera makilogalamu 50 lero likhoza kupepuka likakhala padzuwa. Zigoli za wosewera wachinyamata nazo zimabwera ndi chinyezi chake, ndipo chimabisala m'malo atatu: mphindi zomwe adasewera, mphamvu ya ligi, ndi zaka zake.

Kuwerenga mphindi, osati masewero

Chinthu choyamba chomwe sikauti amataya ndi mawu akuti "masewero 23". Wolowa mphindi zisanu zomaliza ndi wosewera mphindi zonse 90 amalembedwa chimodzimodzi, kuti asewera kamodzi. Ku Leicester, Daka adapeza Jamie Vardy ndi Kelechi Iheanacho ali kale pamalopo, ndipo kangapo ankalowa kuchokera pa benchi. Choncho kugawa zigoli zisanu ndi 23 n'kumulakwira. Njira yomwe makalabu amagwiritsa ntchito ndi kugawa zigoli ndi mphindi zomwe munthu adakhaladi m'bwalo, kenaka kuchulukitsa ndi 90. Yankho lake limanena zigoli zomwe amamwetsa pa sewero lathunthu. Asanagawe amachotsa kaye zigoli za penate, popeza penate imanena zambiri za amene mphunzitsi wamusankha kuti aziponya kusiyana ndi luso lopezera mpata.

Tiyerekeze kuti pa tebulo la sikauti pali anyamata awiri, ndipo manambala awo ndi ongopeka kuti njira ioneke. Woyamba ali ndi zaka 18, wamwetsa zigoli 6 m'mphindi 540, ndipo palibe cha penate. Mphindi 540 ndi masewero athunthu asanu ndi limodzi, ndiye kuti ali pa 1.00, chigoli chimodzi sewero lililonse. Wachiwiri ali ndi zaka 22, wamwetsa 16 m'mphindi 2,520, koma ziwiri ndi za penate. Zotsala 14 m'masewero athunthu 28 zikumuika pa 0.50. Kungoona apa, wamng'onoyo akuposa mnzake kawiri.

Koma mphindi 540 n'zochepa kwambiri moti mwayi ukhoza kudzionetsa ngati luso. Mpira umodzi wogunda womutchinga n'kulowa, goloboyi mmodzi wodzuka kumanzere tsiku limenelo, nambala yonse yasintha. Haaland yemweyo ali ndi chitsanzo chake. Mu 2019, pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 20 ku Poland, adapata mphoto ya womwetsa zigoli zambiri ndi zigoli zisanu ndi zinayi. Zonsezo adazimwetsa tsiku limodzi, pomwe Norway idakwapula Honduras 12-0. M'masewero ena awiri sadamwetse, ndipo Norway idabwerera kwawo m'ndime yoyamba. Kuti adadzakhala katswiri sizikutanthauza kuti tsiku limenelo lokha likadakwanira kukhala umboni.

Mankhwala ake ndi kusakaniza nambala ya mnyamatayo ndi ya wosewera wamba wa pamalo pake. Tinene kuti wakutsogolo wamba mu ligi zonse ziwiri amamwetsa 0.30. Sikauti amaonjezera kwa aliyense masewero khumi a munthu wamba ameneyu, omwe ndi zigoli zitatu. Wazaka 18 uja tsopano ali ndi zigoli 9 m'masewero 16, zomwe ndi 0.56. Wazaka 22 ali ndi 17 m'masewero 38, zomwe ndi 0.45. Wa mphindi zambiri wangosuntha pang'ono chifukwa umboni wake ndi wolemera kale, pomwe wa mphindi zochepa watsika pafupifupi ndi theka. Sikuti akumulanga. Akungonena kuti mpaka atasewera mokwanira, n'kwanzeru kuganiza kuti ali pakati pa zomwe waonetsa ndi zomwe anzake ambiri amachita.

Pali msampha wina. Wolowa mphindi ya 70 amapeza otchinga atatopa, ndipo nthawi zambiri sewero limakhala litatseguka chifukwa timu ina ikuthamangira chigoli. Anyamata ambiri amayambira pa benchi, kotero nambala yawo imatupa. Sikauti wosamala amawerenga padera mphindi zomwe mnyamata adayamba sewero, n'kuona ngati zigoli zilipobe.

Mtengo wa chigoli pa msika wina

Yemwe adasinthapo kwacha ndi randi amadziwa kuti nambala yolembedwa pa ndalama si mtengo wake. Zigoli nazo zili ndi mtengo wosinthira, ndipo masikauti amaupeza poona osewera omwe adadutsa kale njira yomweyo. Amatenga onse amene adachoka mu ligi ina kupita mu inzake, n'kufanizira zomwe ankachita asanasamuke ndi zomwe adachita atafika. Akapeza kuti ambiri ankamwetsa 0.50 ndipo atasamuka adatsikira pa 0.30, ndiye kuti chigoli cha ligi yoyambayo chimasunga magawo asanu ndi limodzi pa khumi a mphamvu yake, 0.6. Nzeru imeneyi idayambira ku Amereka m'masewero a besibo, komwe wolemba wina, Bill James, m'zaka za m'ma 1980 adaonetsa momwe zochita za osewera a m'maligi aang'ono zingasinthidwire kukhala za ligi yaikulu.

Tibwerere kwa anyamata athu aja. Tinene kuti ligi ya wazaka 18 ndi yofooka ndipo mtengo wake ndi 0.6, pomwe ya wazaka 22 ili pa 0.8. Woyamba akuchoka pa 0.56 kufika pa 0.34. Wachiwiri akuchoka pa 0.45 kufika pa 0.36. Yemwe ankaoneka kuti akuposa mnzake kawiri tsopano ali pambuyo pang'ono.

Kupeza mtengo umenewu si kophweka momwe kukumvekera. Vuto loyamba ndi kuchepa kwa anthu odutsa. Pa njira yochoka ku Salzburg kulunjika ku Mangalande pali maina monga Sadio Mané yemwe adapita ku Southampton mu 2014, Takumi Minamino yemwe adapita ku Liverpool mu 2020, ndi Daka ndi Enock Mwepu mu 2021. Ndi anthu owerengeka, osewera malo osiyana, opita ku matimu osiyana. Mmodzi akachita bwino modabwitsa amakoka nambala ya onse. Kukakhala kuti palibiretu wodutsa, masikauti amalumikiza maligi ngati unyolo. Wofuna kudziwa kuti chigoli cha mu ligi yaikulu ya ku Malawi chimalemera bwanji ku Ulaya amayenera kudzera ku South Africa kapena ku Mozambique, komwe osewera a kuno amapita kawirikawiri, ndipo mfundo iliyonse ya unyolowo imaonjezera kukayika.

Vuto lachiwiri ndi lakuti amene amagulidwa si anthu wamba. Kalabu imagula munthu sizoni yake ikakhala yowala koposa, yomwe luso ndi mwayi zidakumana. Chaka chotsatira akadatsikabe ngakhale akadakhala komweko. Wowerenga mosasamala amaika kutsika konseko pa mutu wa ligi yatsopano, n'kuipanga kukhala yovuta kuposa momwe ilili.

Vuto lachitatu ndi lomwe limakhudza Daka kwambiri: mkati mwa ligi imodzi muli matimu osafanana. Salzburg idatenga ligi ya Austria zaka khumi zotsatizana, kuyambira 2014 mpaka 2023. Wakutsogolo wake ankalandira mipira yabwino sewero lonse, timu yake ikusewerera m'dera la adani. Leicester ya 2021 idali timu yabwino, itangotenga chikho cha FA, koma mu Premier League mudali matimu angapo oiposa mphamvu. Daka adasintha ligi, adasinthanso udindo, kuchoka pa timu yolamula aliyense kupita pa timu yolimbirana malo. N'chifukwa chake masikauti amafunsanso kuti pa mashoti ndi zigoli zonse za timu, gawo la mnyamatayo ndi lalikulu bwanji, ndiponso kuti amatani akakumana ndi matimu amphamvu. Pamenepa Haaland adali ndi umboni wosowa. Miyezi yomweyo yomwe ankamwetsa ku Austria, adamwetsanso zigoli zisanu ndi zitatu m'masewero asanu ndi limodzi a Champions League, m'gulu lomwe mudali Liverpool, Napoli ndi Genk. Zigoli zimenezo sizidafunike kusinthidwa ndi mtengo uliwonse.

Kuti maligi salingana si nkhani ya akatswiri a masamu okha, idalowa ndi m'malamulo. Kuyambira 2021, dziko la Britain litatuluka m'bungwe la maiko a ku Ulaya, wosewera wakunja wofuna chilolezo chogwira ntchito ku Mangalande amawerengeredwa mapointi, ndipo muyeso wake ndi 15. Maligi adagawidwa m'magulu molingana ndi mphamvu, ndipo mapointi ena amachokera pa gawo la mphindi za timu yake lomwe munthuyo adasewera. Mphindi za mu ligi ya gulu lapamwamba zimapatsa mapointi ambiri kuposa za m'munsi.

Zaka: kugula mawa la munthu

Kusintha kuwiri koyamba kumanena zomwe wosewera ali lero. Kalabu yogula mnyamata ikugula zomwe adzakhale. Osewera ambiri akutsogolo amafika pachimake chapakati pa zaka za m'ma 20, ndipo kukula kwachangu kumachitika asanakwane 21 kapena 22. Chaka chimodzi pa msinkhu wa 18 chimasintha munthu kwambiri kuposa chaka chimodzi pa 24. Ndiye funso la sikauti si lakuti wamwetsa zingati basi, koma kuti anzake a msinkhu wake, pa mlingo womwewo, amamwetsa zingati.

Haaland ankachita zodabwitsa zija ali ndi zaka 19. Daka, ngakhale adasankhidwa kukhala wosewera wachinyamata wopambana mu Africa mu 2017, chaka chomwe Zambia idatenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20, pa msinkhu wa 19 adali asanakhazikike mu timu yoyamba ya Salzburg. Zigoli zake 27 zidabwera ali ndi zaka 22. Manambala awo ankafanana, koma wina adali ndi zaka zitatu zokulira zomwe mnzake adali atadya kale.

Kwa anyamata aang'ono kwambiri, mphindi zimasiya kukhala zogawira chabe, zimasanduka umboni pazokha. Mu sizoni ya 2019/20, Jude Bellingham adasewera masewero 41 a ligi yachiwiri ya ku Mangalande ali ku Birmingham City, n'kumwetsa zigoli zinayi. Nambala ya zigoliyo singamuimitse munthu. Koma adayamba sizoniyo ali ndi zaka 16, akusewera pakati mu ligi ya madoda yomwe timu iliyonse imasewera masewero 46. Mphunzitsi yemwe ntchito yake imadalira kupambana samaika mwana m'bwalo sabata ndi sabata chifukwa chomumvera chisoni. Dortmund idamugula mu 2020, ndipo patatha zaka zitatu Real Madrid idapereka mayuro oposa 100 miliyoni.

Mbiri ya Tabitha Chawinga ku Sweden imaonetsa ligi ndi zaka zikukokana. Mu 2015, ali ndi zaka 19, adamwetsera Kvarnsvedens zigoli 43 mu ligi yachiwiri, timu n'kukwera. Mu 2016, mu ligi yaikulu, zigoli zidatsikira pa 15. Umenewo udali mtengo wosinthira. Mu 2017, ligi yomweyo, timu yomweyo, adamwetsa 26 n'kukhala womwetsa zambiri, chonsecho timu yake idatuluka mu ligi chaka chimenecho. Ligi sidafewe, iye ndi amene adakula, ndipo zigoli 26 za mu timu yotuluka zimalemera kuposa 26 za mu timu yotenga chikho.

Timalize masamu a anyamata aja. Tinene kuti mbiri ya osewera ofanana nawo ikuonetsa kuti wazaka 18 amaonjezera magawo 40 pa 100 pofika zaka 24, pomwe wazaka 22 amaonjezera 10. Woyamba akukwera kuchoka pa 0.34 kufika pafupifupi 0.48. Wachiwiri akuchoka pa 0.36 kufika pafupifupi 0.40. Wamng'ono wabwereranso patsogolo, osati kawiri ngati poyamba, koma pang'ono, ndipo kutsogolako kwatsamira pa chinthu chimodzi: tsiku lobadwa. Zitapezeka kuti ali ndi zaka 21, osati 18, kukula komwe kwamutsalira mwina ndi magawo 15, ndipo agwera pa 0.39, pansi pa mnzake. Zigoli ndi zomwezo, mphindi ndi zomwezo, koma mtengo wake wasintha.

Apa ndi pomwe nkhani yonama zaka imapwetekera osewera a mu Africa, ngakhale osalakwa. Bungwe la FIFA lidayamba kujambula fupa la pamkono ndi makina a m'chipatala pa mpikisano wa osapitirira zaka 17 womwe udachitikira ku Nigeria mu 2009, pofuna kuona ngati fupalo lamaliza kukula. Mu Januwale 2023 zidamveka kuti ku Cameroon anyamata 21 mwa 30 a timu ya msinkhu umenewo adalephera kuyezako. Kuyeza kumeneku nako sikunena zaka zenizeni, chifukwa mafupa a ana samaliza kukula nthawi imodzi. Sikauti akakayikira chikalata, amangotsitsa mtengo kapena kudumpha dzinalo.

Ngakhale zikalata zitakhala zoona, miyezi imasokoneza. M'mipikisano ya FIFA malire a zaka amayambira pa 1 Januwale, ndiye wobadwa mu Januwale ndi wobadwa mu Disembala chaka chomwecho amaikidwa gulu limodzi, ngakhale akusiyana pafupifupi chaka chathunthu. Pa zaka 15 kusiyanako kumaoneka m'mapewa ndi m'liwiro, ndipo m'matimu a ana mumachuluka obadwa koyambirira kwa chaka. Makalabu osamala amawerenga zaka ndi miyezi yomwe, ndipo amasamala ndi mnyamata amene zigoli zake zambiri zimabwera chifukwa chokankha anzake ang'onoang'ono, popeza akadzakwera kwa akuluakulu mphamvuzo aliyense ali nazo.

Pomwe masamu amathera

Timu yomwe idatchuka ndi njira imeneyi ndi Brighton, yomwe mwini wake, Tony Bloom, adapanga chuma chake pobetcha mogwiritsa ntchito masamu. Kumayambiriro kwa 2021 idagula Moisés Caicedo wazaka 19 kuchokera ku Independiente del Valle ya ku Ecuador pa mapaundi pafupifupi 4 miliyoni. Adamutumiza kaye pa ngongole ku Beerschot ya ku Belgium, komwe adakapeza mphindi mu ligi ya ku Ulaya, asanamubweze. Mu Ogasiti 2023 Chelsea idamutenga pa mtengo wotha kufika mapaundi 115 miliyoni. Brighton yomweyo idagulanso Mwepu mu 2021, ndipo mu Okutobala 2022 adasiya mpira ali ndi zaka 24 madokotala atamupeza ndi vuto la mtima lakumtundu, chinthu chomwe sichikadaoneka pa tebulo la zigoli ndi mphindi.

Ntchito yeniyeni ya masamuwa ndi kupeta. Pa maina zikwizikwi amasiyapo makumi ochepa, ndipo otsalawo ndi omwe masikauti amakawaonera m'bwalo, kufunsa za khalidwe lawo, ndi kuona ngati kaseweredwe kawo kangalowe mu dongosolo la mphunzitsi. Nambala yomaliza, monga 0.48 ija, imabwera ndi mpata waukulu mbali zonse, ndipo mphindi zikachepa mpatawo umakula.

Daka yemweyo adapereka chitsanzo cha mpatawo miyezi inayi atafika ku Leicester. Pa 20 Okutobala 2021, mu chikho cha Europa League ku Moscow, Spartak Moscow idatsogola 2-0. Daka adamwetsa zigoli zonse zinayi za Leicester, sewero n'kutha 4-3. Usiku umodzi umenewo udangoperewera ndi chigoli chimodzi kufika pa zonse zomwe adamwetsa mu Premier League sizoni yonseyo.